PXGCL ndi mudzi: masewera obisa mawu posuntha malembo

Wolemba mbiri wa ku Roma, Suetonius, anafotokoza kuti Julius Caesar akamalemba kalata yachinsinsi ankasuntha lembo lililonse masitepe atatu kutsogolo, moti A ankasanduka D. Nzeru yomweyo ndiyo yagona m'mafunso ambiri oyesa kaganizidwe masiku ano.

Tiyese ndi mawu akuti MUDZI, pa alifabeti ya malembo 26. M akasuntha katatu afika pa P, U pa X, D pa G, I pa L. Nanga Z, yemwe ali kumathero? Ameneyu amazungulira n'kuyambiranso: A, B, C. Ndiye MUDZI ndi PXGCL. Pomasula, bwererani m'mbuyo katatu. Ambiri amaphonya powerengera lembo loyambira ngati sitepe yoyamba, mwinanso podumpha Q ndi X poti Chichewa sichiwafuna. Apa onse awerengedwe.

Bwanji ngati sanakuuzeni masitepe ake? Njira zilipo 25 zokha, ndipo wodekha angaziyese zonse. Koma Chichewa chili ndi chidule: mawu athu amathera ndi a, e, i, o kapena u. Choncho L wakumapeto uja wabisa limodzi mwa malembo asanuwa. Mukati ndi A, masitepe ndi 11, ndipo mutulutsa EMVRA, zopanda mutu. Mukati ndi E, masitepe 7, mupeza IQZVE. Mukati ndi I, masitepe atatu, MUDZI uja watulukira poyera. Kuyesa sikupitirira kasanu.

Zimakoma masitepe akamasintha. Lembo loyamba lisunthe kamodzi, lachiwiri kawiri, lachitatu katatu, mpaka kumapeto. Tsopano MUDZI asanduka NWGDN. Taonani N: woyambayo ndi M, womalizayo ndi I. Chinyengo chonse chili pamenepa. Pa masitepe osasintha, malembo ofanana amakhalabe ofanana, monga NYANJA amene amapereka QBDQMD posuntha katatu, Q kawiri, D kawiri. Kubwereza kotereku ndiye khomo la wofufuza, ndipo al-Kindi wa ku Baghdad anali atalemba kale m'zaka za m'ma 800 za kumasula zinsinsi powerenga lembo lopezeka kawirikawiri. Masitepe osintha amatseka khomo limenelo, ngakhale si kwamuyaya: mu 1863 Friedrich Kasiski anasindikiza njira yomasulira masitepe obwerezabwereza.

Funso likakupatsani mawu ndi chinsinsi chake monga chitsanzo, musathamangire yankho mutangoona lembo loyamba. Lembani manambala pansi pake, A ndi 1, Z ndi 26, n'kuchotsera awiriawiri mpaka lomaliza. M ndi N akusiyana ndi 1, U ndi W ndi 2. Wongoima pa M akanaganiza kuti onse asuntha kamodzi, n'kulakwitsa otsalawo.

Tsopano tengani pensulo mumasule OULQF. Masitepe ake ndi okwera kuyambira pa 1, ndipo yankho lake mumadyera ndiwo.