Mphindi zitatu zotsanzikana ndi mnzanu wa pa ntchito m'Chijeremani

M'maofesi ambiri a ku Jeremani, munthu amene akuchoka pa ntchito ndi amene amadyetsa anzake. Pa tsiku lake lomaliza amabwera ndi keke, tibuledi topaka batala ndi tchizi, khofi, vinyo wochita thovu ndi madzi a malalanje a anthu osamwa mowa. Mwambowu amautcha Ausstand. Anthu amasonkhana m'kachipinda kophikira tiyi kapena m'chipinda cha misonkhano, ambiri ali chiimire, tambula ili m'manja. Sabata imodzi kapena ziwiri m'mbuyomo envelopu imakhala itayenda mwakachetechete desiki ndi desiki, aliyense n'kuponyamo mayuro angapo a mphatso ndi kusaina pakhadi. Pamwambopo munthu mmodzi amayenera kulankhula. Kawirikawiri amakhala bwana, koma si zachilendo kuti anzanu akusankheni inuyo poti ndinu amene mumagwirizana kwambiri ndi wochokayo, ngakhale Chijeremani chanu chikhale chophunzira mutakula kale.

Choyamba kudziwa ndi nthawi. Mphindi zitatu n'zokwanira, zisanu ndiye mwafika pamalire. Anthu aimirira, khofi akuzizira, ndipo ena asiya ntchito pakati. Munthu wolankhula modekha m'chiyankhulo chachilendo amatchula mawu pafupifupi 100 pa mphindi, choncho pepala lanu lisapitirire mawu 300, ndipo ngakhale 120 amagwira ntchito bwinobwino. Kwathu kuno timayamba ndi kupereka ulemu kwa akuluakulu onse mmodzimmodzi, ndipo timaona kuti kutero ndi khalidwe. Pa kamwambo ka mu ofesi ya ku Jeremani ulemu wonse umapita kwa wochokayo: mumamutchula iye poyamba, kenako ena onse pamodzi, basi.

Tiyerekeze kuti amene akuchoka ndi mayi wa ku ofesi ya malipiro pa kampani ina yaing'ono. Anayamba ntchito mu 1998 ndipo akupuma mu 2025, atagwira zaka 27. Musanalembe chilichonse, dzifunseni kuti mayiwa mumawaitana bwanji tsiku ndi tsiku. Chijeremani chili ndi Sie waulemu ndi du wa anthu ozolowerana, ndipo wamkulu pa msinkhu kapena pa udindo ndi amene amapereka chilolezo chosamukira ku du. Anthu ena amakhala mu ofesi imodzi zaka makumi awiri akuitanana Sie ndi dzina la bambo, koma akukondana ndithu. Tsiku lotsanzikana si losinthira zimenezi. Ngati mwakhala mukuti Sie, pitirizani. Mukalumphira ku du pagulu mumaoneka ngati mukudzipatsa ubwenzi umene simunapatsidwe, ndipo mukabwerera ku Sie kwa munthu amene mumadya naye nkhomaliro, iye amadabwa kuti walakwa chiyani. Kwa mayi athuwa tigwiritsa ntchito Sie.

Malonje ake ndi awa, ndipo pa madonthopo mumaikapo dzina la bambo la mayiwo:

"Liebe Frau ..., liebe Kolleginnen und Kollegen,"

Apa mwati okondedwa Mayi uje, okondedwa anzanga a pa ntchito, aakazi ndi aamuna. Akanakhala bambo mukanati "Lieber Herr", ndipo r wakumapetoyo asaiwalike. Ngati munthuyo ali ndi digiri ya udokotala ndipo anthu amamutchula nayo masiku onse, musamuchotsere lero.

Kenako mumasonyeza kutalika kwa nthawi. Kungonena kuti zaka 27 sikumveka m'mutu mwa munthu. Pezani chinthu chimene chinalipo pamene iye ankayamba koma lero kulibe. Kwa munthu wa ku malipiro, chinthucho n'chapafupi: ndalama za yuro zinayamba kuyenda m'manja mwa anthu pa 1 Januwale 2002, kutanthauza kuti mayiwa anayamba kuwerengera anthu malipiro m'ndalama yakale ya dzikolo.

"Als Sie 1998 hier angefangen haben, wurde unser Gehalt noch in D-Mark gezahlt. Seitdem sind 27 Jahre vergangen."

Kumasulira kwake: pamene munkayamba pano mu 1998, malipiro athu ankabwerabe m'ndalama yakale ija, kuchokera pamenepo padutsa zaka 27. Achikulire amagwedeza mutu, achinyamata amamwetulira, ndipo mwamaliza mbiri yonse ya ntchito m'ziganizo ziwiri. Koma chaka chimenecho mukachitsimikize kaye ku ofesi yoona za antchito. Wochokayo amachidziwa bwino, ndipo mukachiphonya amakukonzani pomwepo anthu onse akumva.

Tsopano tafika pamtima pa nkhani, ndipo apa ndi pamene ndimaona kuti olankhula ambiri amataya mwayi. Amaunjika mawu otamanda: wakhama, wokhulupirika, wosunga nthawi, wochezeka. Ku Jeremani mawu oterewa ali ndi vuto limene mlendo sangaliganizire. Lamulo la kumeneko limapatsa wantchito aliyense ufulu wolandira kalata yaumboni pochoka, yotchedwa Arbeitszeugnis, ndipo kalatayo imayenera kunena zoona koma mokomera wantchitoyo. Poti bwana sangalembe poyera kuti munthu anali waulesi, panabadwa kalankhulidwe kophiphiritsa kamene pafupifupi wantchito aliyense amakadziwa. "Sie hat sich stets bemüht", kunena kuti ankayesetsa nthawi zonse, kumamveka kuti ankayesa koma osaphula kanthu. Kumutcha munthu "gesellig", wokonda kucheza ndi anthu, kumamveka kuti ankakonda botolo. Kumuyamikira pa kusunga nthawi kokha kumasonyeza kuti china chabwino chonena chasowa. Inu mukhoza kunena mawuwa ndi mtima woyera, koma mudzaona anthu awiri atatu akuyang'anizana kapena kubisa kumwetulira kuseri kwa tambula. Mukaona zimenezo dziwani kuti mwaponda pamenepa.

Njira yopewera ndi kusiya mawu otamandawo n'kufotokoza chinthu chimodzi chimene munachiona ndi maso anu. Chikhale chaching'ono, choona, ndiponso choti wochokayo sangachite nacho manyazi.

"In meiner ersten Woche habe ich ein Formular dreimal falsch ausgefüllt. Sie haben einen Stuhl geholt, sich neben mich gesetzt und gesagt: Wir machen das jetzt zusammen. So kennen wir Sie alle."

Wolankhulayo akuti: sabata yanga yoyamba ndinalakwitsa fomu katatu, inu munakatenga mpando, n'kukhala pambali panga, n'kunena kuti tiyeni tichitire limodzi, umu ndi mmene tonse timakudziwirani. Palibe pamene watchula kuleza mtima, koma aliyense m'chipindamo wakuona, ndipo ambiri akukumbukira tsiku limene mpando womwewo unakokeredwa pa desiki yawo. Onaninso kuti wolakwitsa m'kankhanika ndi wolankhulayo. Ngati pali choseketsa, chigwere inu, osati amene akuchoka.

Ziganizozi ndi zazifupi mwadala. Chijeremani chimakankhira mneni kumapeto kwa chiganizo, monga "geholt", "gesetzt" ndi "gesagt" pamwambapa. Mukamanga chiganizo chachitali chokhala ndi nthambi zambiri, mantha akakugwirani mumafika kumapeto mutaiwala mneni amene munamusungira, ndipo chiganizo chimathera m'malere. Chiganizo chilichonse chikhale choti mutha kuchinena ndi mpweya umodzi.

Kuthokoza kumabwera pambuyo pa kankhaniko, chifukwa tsopano anthu akudziwa chimene mukuthokozera.

"Dafür danken wir Ihnen. Sie werden uns fehlen."

Ndiko kuti, pa zimenezi tikukuthokozani, tidzakusowani. Ophunzira ambiri amanena "danken wir Sie", koma mneni ameneyu amafuna "Ihnen". Kwa mnzanu wa du mumati "Dafür danken wir dir. Du wirst uns fehlen."

Pali msampha wina woopsa kuposa wa galamala. Mawu otsanzikana ndi wamoyo amayandikana kwambiri ndi mawu a pamaliro. "Sie ist von uns gegangen" akuoneka ngati akungonena kuti wachoka pakati pathu, koma Mjeremani amawamva monga ife timamvera kuti "atisiya": munthuyo wamwalira. Kulonjeza kuti mudzasunga chikumbutso chake mwaulemu ndi chiyankhulo cha zidziwitso za imfa za m'nyuzipepala. Ngakhale kulankhula za iye m'nthawi yakale kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kuti anali wabwino, anali wothandiza, kumazizira ngati mwambo wa maliro. N'chifukwa chake chitsanzo chathu chikulankhula kwa mayiwo mwachindunji, ndipo chikuti "timakudziwani", osati "tinkakudziwani".

Mafuno abwino amatsata kumene munthuyo akupita. Kwa wopuma pa ntchito:

"Für den Ruhestand wünschen wir Ihnen Gesundheit und viel Zeit für Ihren Garten."

Mwawafunira thanzi ndi nthawi yambiri yosamalira dimba lawo. Dimbalo mulitchule pokhapokha ngati mukudziwa kuti alinalo ndipo amalikonda. Apo ayi tchulani njinga, zidzukulu kapena maulendo, malinga ndi zimene iwo eni amakamba poyera. Kwa amene wapeza ntchito kwina mumati "Für die neue Stelle wünschen wir Ihnen viel Erfolg", kumufunira chipambano pa malo atsopanowo, popanda kudandaula kuti wakuthawani. Za matenda, za msinkhu wake ndi za mikangano yakale musazikhudze. Ajeremani ambiri amalekanitsa kwambiri za pa ntchito ndi za kunyumba, ndipo chimene munthu anakuuzani muli awiri si cha pagulu. Ngati akuchoka mosafuna, mwina poti malo ake athetsedwa, musanamizire chisangalalo: nenani kankhani kanu, thokozani, mufunireni zabwino ndi "Alles Gute", n'kulekera pomwepo.

Pomaliza mumakweza tambula:

"Stoßen wir an: auf Frau ...! Zum Wohl!"

Mawu awiri omalizawo amatchulidwa ngati "tsum vool", poti z wa Chijeremani amamveka ts ndipo w amamveka v. Mawuwa ndi amene amauza anthu kuti mwamaliza, choncho musawonjezerenso kanthu pambuyo pake. Pogundanitsa matambula muyang'aneni mnzanuyo m'maso, chifukwa kumeneko kuyang'ana kumbali pa nthawi imeneyi kumaoneka ngati mwano. Madzi a malalanje ndi ololedwa, palibe amene angakufunseni chifukwa chake.

Usiku woti mawa ndi mwambo, werengani mawu anu mokweza mukuyang'ana wotchi, ndipo mupemphe mnzanu mmodzi wobadwira m'chiyankhulocho kuti amvetsere. Mufunseni mafunso awiri okha: kodi pali pamene pakumveka ngati kalata yaumboni, nanga pali pamene pakumveka ngati maliro? Kugwira kakhadi kolembapo m'manja si cholakwa, bola dzina la wochokayo ndi chiganizo chothokoza muzinene mutadzutsa mutu. Mukatha, perekani khadi ndi mphatso ija, ndipo mubwerere m'mbuyo pang'ono, chifukwa nthawi zambiri wochokayo amafuna kuyankhapo mawu ake.