Wa geni akavulala pamsewu, chipepeso chimawerengedwa pa phindu

Wogulitsa nsomba wa ku Makokola akagundidwa ndi galimoto pamsewu wa M10, womwe umachokera ku Mangochi boma kupita ku Monkey Bay, alibe chikalata cha malipiro choonetsa zomwe amapeza pamwezi. Komabe malamulo amamulola kufuna chipepeso pa ndalama zomwe walephera kupeza chifukwa chovulala. Zomwe wataya kale, kuyambira tsiku la ngozi, ayenera kuzitchula ndendende m'zikalata za mlandu ndi kuziperekera umboni. Mawu apakamwa okha sapita patali.

Chowerengedwa ndi phindu. Ambiri akafunsidwa amatchula ndalama zonse zomwe amagwira akagulitsa, kuiwala kuti mpamba ulinso momwemo, ndipo loya wa kampani ya inshuwalansi sachedwa kuwagwira pamenepo. Mwachitsanzo, pakhale mayi wopikula usipa wouma pamathandala a kudoko ndi K300,000, n'kukaugulitsa kumsika pa K400,000. Thiransipoti, onyamula matumba, chiphaso cha msika ndi malo ogona zimudyera K40,000. Phindu lake pa ulendo umodzi ndi K60,000.

Nyanja sipereka mofanana chaka chonse, ndipo apa ndi pomwe chiwerengero chimasokonekera kawirikawiri. Usipa umaphedwa usiku ndi nyali, choncho mwezi ukawala umasowa. Mwera ukalimba pakati pa chaka, asodzi amakhala masiku angapo kumtunda, ndipo mu Novembala ndi Disembala makoka ena amaletsedwa kuti nsomba ziswane. Kutenga mwezi wabwino n'kuuchulukitsa ndi miyezi yonse n'kudzinamiza. Kutenga mwezi woipa wokha n'kumubera wovulalayo. Choyenera ndi kuyang'ana miyezi yeniyeni yomwe anagona, n'kufunsa kuti miyezi yomweyo chaka chathachi geni inkayenda bwanji.

Mayi uja akathyoka mwendo n'kukhala miyezi isanu osayenda, itatu mwa iyo n'kukhala ya maulendo anayi pamwezi, wataya K720,000. Iwiri yotsalayo, ya maulendo awiriawiri, ikupereka K240,000. Zonse pamodzi ndi K960,000. Ngati mng'ono wake ankamugulitsira pabenchi n'kumamubweretsera K40,000 pamwezi, K200,000 imeneyo ichotsedwe, patsale K760,000. Kubisa zimenezi n'koopsa, chifukwa zikaululika umboni wonse umakayikiridwa. Usipa womwe unamwazika pamsewu tsiku la ngozi ndi ndalama zolipira kuchipatala zimalembedwa pazokha.

Umboni umapezeka m'zinthu zomwe wa geni saziwerengera. Kope losanjikiza mafuta a nsomba momwe amalemba zopikula ndi ngongole za makasitomala, ziphaso za msika, mbiri ya Airtel Money kapena Mpamba, buku la banki m'khonde losonyeza masheya omwe ankaponya sabata ndi sabata, zonsezi zimathandiza. Msodzi yemwe ankamugulitsa nsomba angathenso kukaikira umboni. Kutalika kwa nthawi yomwe sanagwire ntchito kumatsimikizidwa ndi lipoti la chipatala, pomwe lipoti la apolisi limasonyeza galimoto, dalaivala ndi kampani ya inshuwalansi. Umboni wa phindu ukasoweratu, makhoti a m'Malawi nthawi zambiri amagwiritsa ntchito malipiro otsikitsitsa omwe boma linakhazikitsa. Kwa munthu yemwe geni yake inali yoyenda bwino, kumeneku n'kuluza kwakukulu.

Za m'tsogolo zimawerengedwa mwa njira ina. Ngati mwendo sunachire bwino ndipo mayiyo tsopano amaphonya ulendo umodzi mwezi uliwonse, pachaka akutaya K720,000. Khoti limachulukitsa ndalamayi ndi nambala ya zaka, koma si zaka zonse zomwe zamutsalira. Wa zaka 40 akanatha kuchita geni zaka zina 20, koma nambalayo imatsitsidwa, mwina kufika pa 10, chifukwa ndalama akulandira pakamodzi, komanso matenda kapena kugwa kwa mpamba zikanatha kumuimitsa ngakhale popanda ngozi. Pa 10, chipepeso cha mbali imeneyi ndi K7,200,000.

Ndalama yomwe khoti lagamula siimafika yonse m'manja nthawi zonse. Inshuwalansi ya galimoto imakhala ndi malire, ndipo zopitirira malirewo zimafunidwa kwa mwini galimoto kapena dalaivala. Njinga zambiri za kabaza zilibe inshuwalansi n'komwe. Ngati wovulalayo naye analakwitsa, monga kudumpha msewu osayang'ana, chipepeso chimachepetsedwa malinga ndi gawo la kulakwa kwake. Wopanda ndalama za loya angapemphe thandizo ku Legal Aid Bureau, koma asazengereze: mlandu wa kuvulala umayenera kukafika kukhoti pasanathe zaka zitatu chichitikireni ngozi.