Nyali ya sola ioneke ntchito yake dzuwa litalowa

Pamsika masana, wogulitsa nyali za sola amayatsa nyali n'kuiphimba ndi chikhatho kuti anthu aone kuti ikuyaka. Kuyaka iyakadi, koma wogula sanaone kanthu. Chimene mayi wa panyumba akufuna kudziwa n'chakuti kodi mwana awerenga nayo kope, nanga ifika nthawi yogona isanazime. Mayankho amenewa amapezeka m'nyumba, usiku, ndipo wogulitsa wochenjera amakonzeratu ndondomeko ya zochita ndi zonena.

Ndondomeko yabwino imayamba nyaliyo ili chizimire. Wogulitsa afike kukungoyamba mdima, apemphe eni nyumba kuti ayatse chimene amaunikira masiku onse. Ambiri amakonzekera kunyoza koloboyi ndi utsi wake, chonsecho kalembera wa 2018 anasonyeza kuti mabanja oposa theka m'Malawi amaunikira matochi a mabatire. Choncho chimene atulutse mwina ndi tochi. Aisiye iyake kwa mphindi zingapo kuti maso azolowere, kwinaku akufunsa: "Kodi mayi, mabatire mumagula kangati pamwezi?" Akayankha okha, ndalamayo aiwerengera okha.

Kenako tochi izime, nyali iyatsidwe pamalo omwewo. Apa wogulitsa achepetse mawu. Apereke nyaliyo kwa mayi, iwo asankhe nayo miyala mu mpunga uli m'lichero. Mwana atsegule kope lake lolemba ndi pensulo, osati kapepala konyezimira ka kampani, awerenge mokweza. Ngati agogo alipo, ayese kulowetsa ulusi pasingano.

Malo oika nyali ndi pamene pagona nkhani. Kuwala kumachepa msanga nyali ikatalikira: mtunda ukawirikiza kawiri, kuwala kofika pakope kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Ndiye wogulitsa aonetse zonse ziwiri. Ikapachikidwa pamtanda wa denga, chipinda chonse chimaoneka ndipo banja lingadye nsima bwinobwino, koma zilembo zimazilala. Ikatsitsidwa patebulo, pafupi ndi kope, zilembo zimaoneka ngwee, m'makona mukuda. Makoma nawo amalowererapo. Opaka laimu amabweza kuwala, pamene a njerwa zosapaka amakumeza, moti nyali imodzimodziyo imaoneka yofooka m'nyumba ina. Bwino wogula aone zimenezi asanalipire, kusiyana n'kudzabwera mawa lake akuti anamupusitsa.

Kukatere atuluke nayo panja, mpaka kuchimbudzi ndi kukhola, bambo ali nayo m'manja.

Gawo limene ogulitsa ambiri amalizemba ndi la maola. Nyali zambiri zili ndi magiya awiri kapena atatu a kuwala, ndipo maola ochuluka olembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pakatoni kawirikawiri amakhala a giya yotsika kwambiri. Ndondomeko yachilungamo imadina batani pa giya iliyonse n'kunena maola ake. Tiyerekeze nyali ya batire lolembedwa 2200 mAh imene imayaka maola 6 pa giya yapamwamba. Mnyamata wa m'nyumbamo akalumikizapo foni yamabatani ya batire la 1000 mAh itatheratu moto, ndipo mabatire onsewo ali a mphamvu yofanana, foniyo itenga pafupifupi theka la moto wa nyaliyo. Kuwala kutsala kwa maola atatu okha. Ikayatsidwa 6 koloko, pofika 9 koloko yazima. Mawu oyenera kunena ndi awa: "Foni muzitchaja masana, dzuwa likuwomba panelo. Usiku moto muusiyire kuwala."

Za panelo zifotokozedwe usiku womwewo, ali nayo m'manja. Iikidwe padenga kapena pathandala pomwe sipafika mthunzi, itapendekera pang'ono kumpoto, makamaka mu Juni ndi Julaye pamene dzuwa limadutsa chakumpoto. Fumbi lipukutidwe ndi kansalu. Ngati panelo ili ndi chingwe chake, nyali izikhala m'nyumba, chifukwa kutentha kumakalambitsa batire. Ndipo anene poyera kuti tsiku la mitambo kapena la chiperoni batire silidzaza, choncho usiku wotero agwiritse ntchito giya yotsika.

Ojambula chionetserochi pafoni asamale: kamera imadziwonjezera yokha kuwala mumdima, moti tochi yofooka imaoneka yamphamvu. Ajambule tochi ndi nyali pamalo amodzi, kamera atailetsa kusintha yokha.

Pomaliza pabwere mapepala. Nyali zoyesedwa ndi bungwe la VeraSol, limene linapitiriza ntchito yoyesa nyali ya Lighting Global mu 2020, zimayenera kukhala ndi chitsimikizo cha chaka chimodzi kapena kuposa. Wogulitsa alembe lisiti lokhala ndi tsiku, nambala ya nyaliyo ndi kumene angaibweze ikawonongeka, ndipo auze eni ake kuti akaitsegula okha kapena kupita nayo kwa wokonza mawailesi, kawirikawiri chitsimikizocho chimathera pomwepo.