Kaumitsidwe ka Nsapato Zonyowa ndi Kachotsedwe ka Fungo Lake

M'nyengo ya dzinja, makamaka mu Januwale ndi Febuluwale, anthu ambiri amafika kunyumba nsapato zili chonyowa. Kumadera a Thyolo, Mulanje ndi Blantyre vutoli limabweranso m'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene mvula yowaza ya chiperoni imatha masiku angapo dzuwa osaoneka. Munthu amene ali ndi nsapato za chikopa peyala imodzi yokha, yopitira kuntchito, kutchalitchi ndi kumaliro komwe, amafuna kuti ziume msanga. Motero amaziyandikiza pambaula, kapena kuziika pamwamba pa malata dzuwa likangotuluka. Mvula payokha siiononga nsapato kawirikawiri. Chimene chimazipha ndi moto umene zimakumana nawo zitanyowa kale.

Chikopa ndi khungu la nyama lofufutidwa. M'kati mwake muli timitsitsi tambirimbiri tolukanalukana, ndipo ofufuta amathiramo mafuta kuti timitsitsito tizitsetsereka bwino munthu akamayenda. Madzi akalowa, timitsitsito timafufuma ndipo mafuta ena amasuntha pamalo pake. Chikopa chotere chikauma pang'onopang'ono chimabwerera mwakale. Koma chikaotchedwa, kunja kumauma ndi kukhwinyata m'kati mukadali madzi. Zotsatira zake n'zoti mphuno ya nsapato imapindikira m'mwamba, chikopa chimauma gwa ngati chikwatu, ndipo pamalo popindika zala pamachita ming'alu. Chikopa chimene chakhwinyata ndi moto sichiwongokanso, ngakhale chipakidwe polishi wochuluka motani.

Guluu nayenso amaopa moto. Nsapato zambiri za masiku ano soli yake ndi yomata, si yosoka. Msoki wa nsapato akafuna kumatula soli yakutha amayamba waitenthetsa, chifukwa amadziwa kuti guluu amafewa kutentha kukafika cha pa madigiri 60 kapena 70. Makala a pambaula amatentha kuposa pamenepa kangapo konse, ndipo malata a padenga masana a dzuwa lowala amatha kuyandikira pomwepo. Choncho woumitsa nsapato pamoto akuchita ntchito ya msoki womatula soli, osadziwa. Masiku owerengeka pambuyo pake nsapato imayamba kuseka kumphuno, ndipo madzi apeza khomo lolowera.

Muyeso wake ndi wapafupi, sufuna chipangizo. Munthu aike kunja kwa dzanja lake pamalo pamene akufuna kuikapo nsapato. Ngati dzanja likumva kutentha, malowo ndi oipa. Chimene chimaumitsa nsapato bwino ndi mpweya woyenda pamodzi ndi chinthu choyamwa madzi m'kati.

Chitsanzo chake nachi. Kalaliki wina wanyowa ndi mvula Lachisanu madzulo, wadutsa m'zithaphwi, ndipo nsapato zake zachikopa zikutuluka madzi akaponda. Akuzifuna Lolemba m'mawa.

Atangofika, cha m'ma 5 koloko, achotse matope akadali ofewa ndi kansanza konyowa. Matope akaumira pachikopa amayamwa mafuta ake ndi kusiya zipsera. Kenaka asolole zingwe zonse, akokere lilime la nsapato kunja, ndi kutulutsa chopondera cham'kati ngati chili chochotseka. Chopondera chimenechi ndicho chimasunga madzi ndi thukuta kwambiri, choncho chichapidwe ndi sopo pang'ono ndi kuyanikidwa pachokha. Akatero apendeketse nsapato kuti madzi atsike, ndi kupukuta m'kati ndi nsalu youma.

Tsopano ndiyo nthawi ya mapepala. Masamba awiri kapena atatu a nyuzipepala yakale amakwanira nsapato imodzi. Awafinye mofewa ngati timipira, ndi kuwalowetsa kuyambira kumphuno mpaka kuchidendene. Asawakanikize ngati akutsendera fodya m'belo, chifukwa chikopa chonyowa chimatamuka ndipo chidzauma chitatupa. Pepala limachita ntchito ziwiri: limayamwa madzi, komanso limagwira nsapato kuti isafwaphire. Ngati m'kati mwa nsapato ndi moyera, inki ya nyuzipepala ingathe kudetsamo, choncho timipirato tikulungidwe m'pepala losalembedwa. Kumene nyuzipepala ndi zosowa, makope akale kapena nsanza zouma za thonje zimagwira ntchito yomweyo.

Mapepala oyamba amakhuta madzi msanga. Pakatha ola limodzi kapena awiri awachotse ndi kuika ena, ndipo asinthenso asanagone. Pepala lonyowa likasiyidwa usiku wonse silithandizanso kanthu, limangosunga chinyezi pamene chinayenera kuchoka.

Malo oika nsapato akhale pamthunzi podutsa mphepo: pakhonde losafika mvula masana, ndi pafupi ndi zenera usiku. Zisakhale chafufumimba pasimenti, poti soli nayo iyenera kupuma. Azitsamiritse kukhoma, chidendene pansi, kapena aziike pa timitengo tiwiri kuti mpweya uzidutsa kunsi. Amene ali ndi chokupizira mphepo chamagetsi angathe kuchilozetsa pansapatozo, ndipo nthawi youma imafupika ndithu. Pansi pa bedi, m'kabati ndi m'jumbo ndi malo oipa kwambiri, chifukwa mpweya suyendamo ndipo chuku chimamera m'masiku ochepa.

Loweruka asinthe mapepala m'mawa, masana ndi madzulo. Nsapato yachikopa yonyoweratu imafuna tsiku lathunthu kapena masiku awiri, ndipo m'nyengo ya chiperoni ingathe kufika masiku atatu. Kuthamanga sikufika. Maso amanyenga pa nkhani imeneyi, pakuti kunja kumaoneka kouma m'mphuno mukadali chinyezi. Njira yodziwira ndi iyi: Lamulungu masana aike pepala latsopano kumphuno ndi kulisiya ola limodzi. Likatuluka lofewa ndi lozizira, nsapato sinaume. Likatuluka louma, lolira tswatswa polifinya, ntchito yatha.

Polishi abwere pamapeto penipeni, Lamulungu madzulo. Wopaka polishi pachikopa chonyowa amatsekera madzi m'kati, ndipo polishiyo sagwira. Chikopa chikauma chimakhala cholimbirako, motero apake polishi wochepa ndi kansalu, adikire mphindi 15 kuti alowerere, kenaka apukute ndi burashi. Kupaka kawiri mopyapyala kumaposa kupaka kamodzi mochindikala. Mafuta ophikira asayandikire nsapato: amasasa, amanunkha, amaitana fumbi ndipo akafika pamzere wa soli amafooketsa guluu.

Nanga ngati mvulayo inagwa Lolemba, ntchito ili m'mawa mwake? Usiku umodzi sukwanira, ndipo moto sungasinthe zimenezo popanda kuononga. Ndi bwino kuvala nsapato zina, ngakhale zakale, kusiyana ndi kuotcha zabwino. Ngati palibiretu zina, asinthe mapepala kangapo usikuwo, avale ndi masokosi ouma, atenge ena apadera osinthira masana, ndipo akaweruka apitirize kuumitsa.

Fungo loipa ndi mwana wa chinyezi chomwechi. Mapazi ali ndi timabowo ta thukuta tochuluka kwambiri, koma thukuta lenilenilo silinunkha. Chimene chimanunkha ndi zotuluka mwa tizilombo tosaoneka ndi maso, totchedwa mabakiteriya, timene timadya thukuta ndi khungu lofundulika. Tizilomboti timaswana pamalo ofunda, onyowa ndi amdima, ndipo nsapato yovalidwa isanaume ndi nyumba yawo yabwino koposa. N'chifukwa chake mafuta onunkhiritsa sathandiza. Amangophimba fungo kwa maola ochepa, kenaka fungo la mitundu iwiri limasakanikirana.

Nsapato ikauma, soda wophikira therere ndiye mankhwala otsika mtengo ndi odalirika. Athire masupuni aakulu awiri m'sokosi yakale yosabooka, amange kukamwa, ndi kuilowetsa m'nsapato usiku wonse. Sodayo amayamwa chinyezi chotsala ndi kuziziritsa asidi amene amanunkha. Asamuwaze mwachindunji pachikopa, chifukwa akakhalitsa amachiumitsa, ndipo akakumana ndi thukuta amachita phala. Chidulo ndi soda wopangira sopo ndi zaukali kwambiri; zimadya chikopa ndi khungu la munthu lomwe. Makala ouma okulungidwa m'kansalu nawo amayamwako fungo, ngakhale mphamvu yake ndi yocheperapo.

Fungo likakanika, kapena m'kati mukaoneka timadontho ta chuku toyera kapena tobiriwira, asakanize viniga woyera ndi madzi, muyeso wofanana. Anyowetse kansalu, akafinye kwambiri, napukute m'kati monse mpaka kumphuno. Asathire viniga m'nsapato ngati akutsuka botolo. Akatero aumitsenso pamthunzi monga poyamba, ndipo fungo la viniga limatha lokha. Jiki asagwiritsidwe ntchito: amachotsa mtundu, amavunditsa ulusi, ndipo akasakanizidwa ndi viniga amatulutsa mpweya wapoizoni.

Nsapato zansalu zili ndi ufulu wochulukirapo. Zingathe kuchapidwa ndi sopo m'madzi ozizira kapena ofunda pang'ono, koma osati owira, popeza soli yake nayonso ndi yomata. Zitsukuluzidwe mpaka thovu lithe, chifukwa sopo wotsalira ndiye amasiya mizere yachikasu pansalu yoyera. Jombo zamphira sizipuma konse, choncho zizondotsedwe pa timitengo tozika pamthunzi kuti madzi atsike ndi mpweya ulowe. Dzuwa laukali, monga la ku Nsanje ndi Chikwawa, limang'ambitsa mphira.

Nthawi zina nsapato imayera bwino, koma fungo n'kubwerera sabata isanathe. Pamenepo gwero lake ndi phazi. Mapazi asambitsidwe ndi sopo tsiku lililonse ndi kupukutidwa bwino pakati pa zala. Masokosi avalidwe tsiku limodzi lokha, ndipo a thonje amayamwa thukuta kuposa a nayiloni. Wokhala ndi mapeyala awiri a nsapato azisinthanitsa, kuti iliyonse ipume tsiku lathunthu. Khungu la pakati pa zala likamayera, kuyabwa ndi kusendeka, amenewo ndi matenda ofuna mankhwala a kuchipatala, ndipo soda sangawachize. Odwala matenda a shuga asamale koposa: asavale nsapato yonyowa kapena youma gwa, chifukwa kabala kakang'ono ka paphazi lawo kamachedwa kupola.

Ngati soli yayamba kale kuseka, nsapato ipite kwa msoki itauma ndiponso yopanda matope. Guluu watsopano sagwira pamalo onyowa, ndipo pamene pangomatuka pang'ono pamakonzeka ndi ndalama zochepa kusiyana ndi kudikira kuti soli yonse ichoke panjira.