Minda iwiri ya pH imodzi, laimu wosiyana: kuwerenga pH pamodzi ndi CEC

Pepala la zotsatira za dothi likachokera ku labotale, ambiri mwa ife maso amathamangira pa pH. Tikaona 4.8 timati nthakayi ili ndi asidi, ikufunika laimu, ndipo mzere wolembedwa CEC timaudumpha. Koma pH payokha singatiuze kuti mlimi agule matumba angati a laimu. Minda iwiri ikhoza kukhala ndi pH yofanana, wina n'kufuna laimu wochuluka katatu kuposa unzake, ndipo chimene chimaisiyanitsa ndi mzere womwe timaudumphawo.

Michere ina ya mbewu ikasungunuka m'madzi a m'nthaka imakhala ndi chaji cha +. Imeneyi ndiyo makatayoni: kashiyamu, magineziyamu, potaziyamu ndi amoniyamu wa mu feteleza. Tinthu tosalala kwambiri ta dongo, pamodzi ndi zomera zimene zinaolerana n'kusanduka dothi lakuda, tili ndi chaji cha −, choncho timakoka makatayoniwo n'kuwagwira kuti asatsike ndi madzi a mvula. Kugwirako sikolimba kwambiri. Muzu ukayamwa potaziyamu wa m'madzi, wina amachoka pa dongo kudzalowa m'malo mwake. CEC ndi chiwerengero cha malo ogwirirawa m'kilogalamu imodzi ya dothi, ndipo papepala imalembedwa mu cmol(+)/kg.

Kuchuluka kwa malowa kumadalira mtundu wa dongo, osati kuchuluka kwake kokha. Dongo la kaolinaiti, lomwe ndi lofala m'katondo wa m'madera amvula yambiri, lili ndi CEC ya pakati pa 3 ndi 15. Dongo la simekitaiti la m'makande, monga a ku Ngabu m'chigwa cha Shire, limapitirira 80. Zoolerana zimafika 200. Mchenga weniweni ulibe pogwirira mpang'ono pomwe, ndiye m'munda wamchenga CEC yochepa imene ilipoyo imachokera makamaka ku zoolerana.

Nayo pH imayeza asidi amene ali m'madzi a m'nthaka panthawiyo, ndipo ikatsika ndi 1 asidiyo wachuluka kakhumi. Vuto n'lakuti asidi wa m'madziyo ndi kachigawo kakang'ono zedi. Wochuluka wakhala pa malo ogwirira aja, makamaka monga aluminiyamu, amene amasungunuka kuchokera m'dongo pH ikatsika kupyola 5.5. Mukathira laimu n'kuchotsa asidi wa m'madzi, aluminiyamu wina amachoka pa dongo n'kubweretsanso asidi, ndipo zimapitirira motero mpaka wosungidwayo atachepa. Zili ngati madzi ofika m'chiuno mumgolo ndi madzi ofika m'chiuno m'thamanda: kuya n'kumodzi, koma ntchito yokapa si imodzi. pH ikutiuza kuya, CEC ikutiuza kukula kwa chotengeracho.

Chimene chimapweteka chimanga pa pH ya 4.8 si asidi weniweniyo kwenikweni, koma aluminiyamuyo. Amaletsa nsonga za mizu kukula, mizu n'kukhala yaifupi, yonenepa ndi yosowa timizu ting'onoting'ono. Mbewu yotere imafota dzuwa likangowala masiku ochepa ngakhale pansi pali chinyezi. Aluminiyamu ndi ayironi amamanganso fosiforasi wa mu feteleza wokulitsa, mwakuti masamba a chimanga chaching'ono amafiirira m'mphepete pomwe mlimi anathira feteleza wokwanira. Ndipo malo alionse amene aluminiyamu wakhalapo ndi malo amene kashiyamu kapena magineziyamu wachotsedwapo n'kupita ndi madzi.

Tiyerekeze minda iwiri. Manambala awa ndi ongophunzirira, koma ndi a mtundu womwe mungaupeze papepala lenileni. Munda woyamba ndi wamchenga: kashiyamu 0.9, magineziyamu 0.4, potaziyamu 0.1, aluminiyamu 0.6, zonse pamodzi 2.0. Wachiwiri ndi katondo: kashiyamu 2.8, magineziyamu 1.1, potaziyamu 0.3, aluminiyamu 1.8, zonse pamodzi 6.0. Yonse ili ndi pH ya 4.8 poyeza m'madzi, ndipo m'minda yonse aluminiyamu watenga malo 30 pa 100 alionse. Kwa muzu wa chimanga minda iwiriyi ndi yowawa mofanana. Kwa amene akugula laimu ndi yosiyana kutali.

Powerengera timayambira pakuti cmol(+) imodzi ya asidi imafuna magalamu 0.5 a laimu wopanda zosakaniza. Dothi la pa hekitala imodzi, kuya masentimita 15, limalemera pafupifupi matani 2,000. Tikachulukitsa, cmol(+)/kg imodzi ikufuna tani imodzi ya laimu pa hekitala. Katswiri wa za nthaka wa ku Amereka, Eugene Kamprath, anaonetsa mu 1970 kuti pa nthaka zosukuluka ndi mvula ndi bwino kuwerengera laimu kuchokera pa aluminiyamu m'malo mofuna kukweza pH kufika 6.5 kapena 7, ndipo njira yodziwika ndi iyi:

laimu (t/ha) = 1.5 × Al (cmol(+)/kg)

Munda wamchenga ukufuna matani 0.9, omwe ndi matumba 18 a makilogalamu 50. Katondo akufuna matani 2.7, matumba 54. Laimu wogula m'sitolo sakhala wangwiro. Ngati mphamvu yake ndi 80 pa 100, gawani ndi 0.8, mupeza matani 1.1 ndi matani 3.4. Laimu wamibulumibulu, wosapereka bwino, amachedwanso kugwira ntchito ngakhale pathumba palembedwe mphamvu yaikulu.

Taonani chimene chimachitika mlangizi akapereka mlingo umodzi kwa alimi onse awiri chifukwa choti pH ndi imodzi. Akanena matani 0.9, mwini katondo achotsa gawo limodzi lokha mwa magawo atatu a aluminiyamu wake. Otsala 1.2 akutengabe pafupifupi malo 20 pa 100, pH yangosuntha pang'ono, ndipo mlimiyo adzauza anzake kuti laimu ndi kutaya ndalama. Akanena matani 2.7, mwini mchenga wathira laimu woposa malo onse ogwirira amene nthaka yake ili nawo. pH ikhoza kulumpha kupitirira 6.5, ndipo pamenepo zinki, manganizi ndi boroni zimayamba kuvuta kupezeka. Chizindikiro chake pa chimanga ndi mizere yotuwa kapena yoyera m'mbali zonse ziwiri za msana wa masamba aang'ono, ndi mfundo zothinana. Mwa zolakwa ziwirizi ine ndimaopa kwambiri chachiwiri, chifukwa laimu wochepa mutha kumuwonjezera chaka chamawa, koma wochuluka simungamutole m'munda.

Wina angafunse chifukwa chake tikuchulukitsa ndi 1.5, pomwe tawerengera kuti cmol(+)/kg imodzi ikufuna tani imodzi. Yankho lake ndi pamene pH ndi CEC zimakumanirana kwenikweni. M'makande chaji chambiri chili m'kati mwa kapangidwe ka dongo, ndipo sichisintha kaya pH ikwere kapena itsike. Koma m'katondo ndi m'zoolerana chaji chambiri chili m'mphepete mwa tinthuto, pomwe haidirojeni amamatirira zolimba nthaka ikakhala ya asidi. Malo amenewo amakhala otsekeka. pH ikamakwera haidirojeni amachokapo, malo n'kutseguka, CEC n'kukula. Gawo lina la laimu limathera pa ntchito yotsegula malowa, osati pa aluminiyamu, ndipo 0.5 woonjezerayo ndi wa ntchito imeneyo. Si laimu wotayika ayi: nthakayo tsopano ikutha kugwira kashiyamu ndi potaziyamu wambiri kuposa kale.

Mfundo yomweyi imatichenjeza powerenga pepala. Malabotale ambiri amayeza CEC ndi mankhwala a amoniyamu asiteti oikidwa pa pH 7. Akatero amatsegula malo onse aja, kuphatikizapo amene m'munda wa pH 4.8 ndi otsekeka. Katondo wathu uja akhoza kulembedwa CEC ya 10 kapena kuposa, pomwe mizu ikukumana ndi 6.0 yokha. N'chifukwa chake m'chitsanzo chathu taphatikiza makatayoni anayi aja m'malo modalira nambala imodzi. Chiwerengero chophatikizachi chimalembedwa ECEC, ndipo pa nthaka za asidi ndicho choyenera kugwiritsa ntchito poona gawo limene aluminiyamu watenga. Onaninso ngati pH inayezedwa m'madzi kapena mu CaCl₂, chifukwa dothi lomwelo mu CaCl₂ limaonetsa nambala yotsikirapo ndi 0.5 kapena kuposerapo pang'ono. Mukayerekeza zotsatira za zaka ziwiri zoyezedwa m'njira zosiyana, mudzaona kusintha komwe m'munda kulibe.

CEC imatiuzanso kuti laimuyo akhalitsa bwanji. Feteleza wa amoniyamu amasiya asidi m'nthaka tizilombo tosaoneka ndi maso tikamamusandutsa naitireti. Kilogalamu imodzi ya naitirojeni wa mu yuleya imafuna laimu wokwana pafupifupi makilogalamu 1.8 kuti asidi wakeyo athe, ndipo wa mu salufeti wa amoniya amafuna katatu kuposa pamenepo. Thumba limodzi la yuleya lili ndi makilogalamu 23 a naitirojeni, ndiye limadya laimu wa makilogalamu pafupifupi 40. Asidi yemweyu katondo amamumeza pang'onopang'ono, koma mchenga ulibe pomusunga, pH yake imatsika msanga monga momwe inakwerera msanga. Choncho mchenga ukufuna laimu wochepa koma wobwerezabwereza, ndi kuyeza dothi pakapita zaka ziwiri kapena zitatu. Magineziyamu akakhala wochepa monga m'munda woyamba uja, sankhani laimu wa dolomaiti. Pa chifukwa chomwechi feteleza wobereketsa ndi potaziyamu pamchenga ndi bwino kuzigawa kawiri. Naitireti yekha CEC simugwira n'komwe, poti chaji chake ndi cha −, ndipo amatsika ndi madzi ngakhale m'nthaka ya CEC yaikulu.

Masamu athuwa ali ndi malire awiri. Oyamba ndi kuya: tawerengera masentimita 15 apamwamba, ndipo laimu amatsika pang'onopang'ono kwambiri. Ayenera kusakanizidwa ndi dothi popanga mizere, masabata angapo musanabzale, ndipo amafuna chinyezi kuti ayambe kugwira ntchito. Aluminiyamu wa pansi pa masentimita 30 adzakhalapobe, choncho m'madera ngati Bembeke, Mulanje ndi Thyolo, kumene nthaka za asidi n'zofala, tengani dothi la pansi padera kuti liyezedwe palokha. Achiwiri ndi mbewu: tiyi amakula bwino pa pH ya 4.5 mpaka 5.5, chinangwa chimapirira aluminiyamu kuposa chimanga, pomwe nyemba ndi soya zimavutika msanga. Mlimi wa katondo amene sangakwanitse matumba 54 pa hekitala angachite bwino kuthira mlingo wonse pa kota ya hekitala, matumba 14, n'kubzalapo nyemba kapena soya, kusiyana n'kumwaza matumba omwewo m'munda wonse.