Makiyi Ali ndi Ndani?

Mu February 2014, msika wa Mt. Gox ku Tokyo unaimitsa kutapa ndalama, kenako unalengeza kuti mabitikoini pafupifupi 850,000 asowa. Makasitomala ankaona ndalama zawo pa kompyuta, koma sakanatha kuzichotsa.

Gwero la vutoli ndi makiyi achinsinsi. Bitikoini imasuntha pokhapokha mwini kiyi atasainira. Mukasunga ndalama pa msika wa pa intaneti, kiyiyo imakhala ndi kampani, ndipo inu mumangotsala ndi lonjezo lakuti idzakupatsani mukadzafuna. Kampaniyo ikaberedwa kapena kugwa, mumasanduka mmodzi mwa anthu ofuna ngongole. A ku Mt. Gox anadikira zaka 10 kuti ayambe kubwezeredwa.

Chikwama chanuchanu chimakupatsani mawu 12 kapena 24, omwe makiyi onse amachokerako. Foni ikatayika, mawuwo amabwezeretsa ndalama pa foni ina. Koma mukataya foni ndi mawu omwe, palibe ofesi yokadandaulako, ndipo aliyense wowaona angathe kusesa zonse. Choncho alembeni papepala, osawajambula, ndipo yambani mwatumizako ndalama zochepa poyesa.