Phazi limodzi lotayitsa poyinti pa volebo

Mpira waseviwa bwino, timu yolandira yaulandira bwino, koma wenzulo yalira ndipo poyinti yapita kwa oseva. Oonerera amayamba kukuwiza oyimbira. Kawirikawiri cholakwa sichikhala pa mpira, chimakhala pa mapazi.

Timu iliyonse imakhala ndi osewera 6, ndipo malo awo ali ndi manambala. Mukayang'ana ku neti, 1 ali kumbuyo kumanja, ndiye woseva. Kutsogolo kuli 2 kumanja, 3 pakati ndi 4 kumanzere. Kumbuyo kwatsala 5 kumanzere ndi 6 pakati. Seti isanayambe, kochi amapereka ndandanda ya osewera kwa oyimbira, ndipo kutsatana kumeneko sikusintha mpaka seti ithe. Timu yolandira ikapambana poyinti n'kulanda sevisi, osewera ake onse amasuntha malo amodzi monga muyendera muvi wa wotchi: wa pa 2 amapita pa 1 kukaseva, wa pa 1 amapita pa 6.

Kuzungulira kumeneku ndiko kumaletsa kochi kuimika ataliatali ake atatu pa neti tsiku lonse. Wosewera akafika kumbuyo saloledwa kutchinga pa neti, ndipo akafuna kumenya mpira wokwera kuposa neti ayenera kudumphira kuseri kwa mzere wa mamita 3. Komatu bwenzi oyimbira akudziwa bwanji wakumbuyo ndi wakutsogolo aliyense akanamaima pomwe wafuna? N'chifukwa chake timu yolandira imasunga malo mpaka dzanja la woseva litamenya mpira. Kuuponya m'mwamba kokha sikukwanira.

Lamuloli silikuti muime ngati zikhomo. Limangoyerekeza munthu ndi anzake oyandikana naye, poona pomwe mapazi aponda. Taganizirani seta, amene amakonzera anzake mpira woti amenye, ali pa 1. Ntchito yake ili pa neti, ndiye mtima umakhala uli komweko. Amaloledwa kukabisala kumbuyo kwenikweni kwa mnzake wa pa 2, bola asamupitirire kutsogolo, komanso asadutse wa pa 6 kulowera kumanzere. Za wa pa 3 ndi wa pa 4 sizimukhudza. Mpira ukangomenyedwa, athamange. Akanyamuka msanga n'kupitirira wa pa 2, woyimbira wachiwiri, amene amayang'anira timu yolandira, amaimba wenzulo.

Ndimamva chisoni ndikaona seta wachinyamata akudzudzulidwa yekha pa cholakwa chotere, pomwe nthawi zina ndi wa pa 2 amene anabwerera m'mbuyo kukathandiza kulandira osayang'ana mnzake. N'chifukwa chake osewera ozolowera amagwirana phewa kapena jezi sevisi isanabwere.

Malamulo a FIVB oyambira mu 2025 anamasula timu yoseva kuti iziima pomwe ikufuna m'bwalo lake. Koma kutsatana kwa oseva kukadalipo: akaseva munthu amene si nthawi yake, poyinti ndi sevisi zimapita kutsidya.